Nkhani ya madeti ija yalowa m'mutu tsopano

Abale, mapingi, ntchito yogwirizanitsa makolamu a mu fayilo ndi a mu databesi, ndayimvetsa tsopano ndipo mtima wakhala pansi. Asayimenti yathu inali yosamutsa kaundula wa alimi a kopaletivu ina ya cha ku Chadiza, amene amabweretsa soya ndi nshawa, kuchoka mu fayilo ya CSV kupita mu databesi ya PostgreSQL. Za kupanga tebulo sindikamba, tonse tinapanga kale. Maina a makolamu nawonso si nkhani, `Farmer Name` ikupita ku `full_name`, `Cell` ku `phone`, `Kgs` ku `weight_kg`, ukalakwitsa dzina kompyuta imakuuza pompo kuti kolamu imeneyo kulibe.

Chimene chinandisokoneza ndi `Date Delivered`. Kalaliki analemba 05/06/2024, kwa ife kuno ndi pa 5 Juni, palibe angatsutse. Koma databesi ikakhala kuti `DateStyle` yake ili pa MDY imayamba kuwerenga mwezi, ndiye imasunga 6 Meyi, ndipo siyidandaula chifukwa 6 Meyi ndi tsiku lenileni. Ikakumana ndi 25/06/2024 mpamene imakana, poti mwezi wa 25 kulibe. Apa mpamene ndinatseguka maso: mizere imene ikukana ija ilibe vuto kwenikweni, ikukuchenjeza chabe, yoopsa ndi imene yadutsa mwakachetechete. Tsiku lililonse kuyambira 1 mpaka 12 limatha kutembenuzidwa osaonekera. Ndiye taganizani kopaletivu imatumiza fayilo sabata iliyonse, ya sabata yoyamba ya mwezi idzalowa yonse bwinobwino koma madeti ali chadodolido, kupatulako ngati 06/06 imene ukaitembenuza imakhala yomweyo, kenaka ya sabata yachitatu nkukana, iwe nkumalimbana ndi imene yakanayo pomwe zinaonongeka kalekale.

Mu fayilo mulibe deti, muli zilembo basi, ndipo winawake ayenera kunena kuti ziwerengedwe motani. Ukapanda kunena iwe, pulogalamu imalota yokha. Ndiye manje ndimawerenga chilichonse ngati mawu, nkusintha kolamu imodzimodzi ndekha:

```python
import pandas as pd
df = pd.read_csv("alimi.csv", dtype=str)
df["delivered_on"] = pd.to_datetime(df["Date Delivered"], format="%d/%m/%Y", errors="coerce")
print(df["delivered_on"].isna().sum())
```

Zimene zalephera zimasanduka `NaT`, kutanthauza kuti palibe deti, ndimaziwerenga nkukaziona ndi maso, chifukwa `coerce` ukangoyisiya osawerenga imameza mizere yoipa osakuuza. Kenaka ndimawerenga kuti mwezi uliwonse uli ndi mizere ingati. Soya wa chaka chino akaoneka kuti anabwera mu Januwale, mbewu ikadali yaiwisi m'munda, kapena m'tebulo lonse mulibe tsiku lopitirira 12, dziwani kuti mwezi ndi tsiku zasinthana. Potumiza ku databesi ndimalemba 2024-06-05, kalembedwe ka ISO 8601, kameneka MDY siyikasokoneza.

`dtype=str` yomweyo imapulumutsanso nambala za foni. Nambala yoyamba ndi 097 ikawerengedwa ngati nambala yowerengetsera ziro wakutsogolo amagwa, manambala 10 amatsala 9, ndipo ukaikako 260 kutsogolo siyikwananso mu `INTEGER`, amene malire ake ndi 2147483647. Foni sitiyiwonkhetsa, NRC nayo ili ndi ma `/` awiri mkati, zonsezi ndi `TEXT`. Makilo okha ndiye `NUMERIC`.

Ndisanalembe khodi ndimajambula kaye katebulo papepala: dzina kochokera, dzina kopita, mtundu wa deta, lamulo losinthira, ndi chochita mukakhala mulibe kanthu. Ine ndikuona kuti kapepala kameneka ndi kosi yonse, zina zonse nzongokometsera, mnzanga amati ndikukokomeza koma mlekeni.

Chimene chimandiwawa, a lekichala anatipatsa fayilo yoyeserera yoyera mbee, madeti onse ali kale mu ISO, nkutiuza kuti mapingi ndi kulumikiza mizere kuchoka kumanzere kupita kumanja. Za MDY anangotchula akutuluka pakhomo. Ku labu nako mumangokhala pansi magetsi azima, asayimenti ikufunika Lachisanu, ndiye munthu uphunzira nthawi yanji?

Pali pamene pakundivutabe. M'kolamu ya tsiku lobadwa ena analemba chaka ndi manambala awiri, ndipo `%y` ya Python imatenga 69 mpaka 99 kukhala zaka za m'ma 1900, 00 mpaka 68 za m'ma 2000, ndiye mlimi wobadwa mu 65 akutuluka 2065. Izo ndingachotse zaka 100 pa deti iliyonse ya mtsogolo. Koma fayilo imene wina anaitsegula kale mu Excel ya madeti a ku America nkuisunga, madeti ena atatembenuka ena ayi, 06/05 ndidziwa bwanji kuti ndi yoona kapena yotembenuka? Mwina kuyang'ana mizere yoyandikana nayo ngati kalaliki ankalemba motsatana, mwina kungopita kukapempha malisiti, kaya.