Yankho loseketsa limafuna kuti mnzako athe kubwezera

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa nkhani imene inkandizunguza mutu m'phunziro lathu la kalembedwe, yokhudza mayankho oseketsa amene timalemberana pa foni. Sinditaya nthawi kunena kuti sitiseka chilema, matenda, imfa kapena umphawi wa munthu, chifukwa zimenezo aliyense anaphunzira pakhomo pa makolo ake. Chimene chinkandivuta chinali china: zimatheka bwanji kuti mayankho awiri, onse opanda mwano ndiponso osakhudza zinthu zoletsedwazo, lina n'kuseketsa gulu lonse pamene linzake likuchititsa kuti munthu angoti zii mpaka mawa? Ndapeza kuti kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi, lakuti kodi munthu amene ndamuyankhayu ali ndi poyambira kuti andibwezere moseka, kapena ndamusiyira njira ziwiri zokha, kudziteteza ndi kukhala chete.

Chinanditsegula maso ndi chisuweni. Tonse tikudziwa kuti msuweni angakuuze mawu amene atachokera kwa mlendo mukhoza kukathera nawo kwa amfumu, koma iwe umangoseka n'kumubwezera oposa pamenepo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu A. R. Radcliffe-Brown analemba za maubale otere mu 1940, ndipo anafotokoza kuti ndi ubale umene mwambo umalola munthu kunyogodola mnzake, mnzakeyo osayenera kukhumudwa. Ananenanso kuti m'malo ena chilolezocho chimakhala cha mbali zonse ziwiri, pamene m'malo ena chimakhala cha mbali imodzi yokha. Chisuweni chimene ndinakulira nacho ine n'cha mbali zonse, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Chili ngati bawo: ukasewera umadikira kuti mnzako aseweko, ndipo amene akufuna kutakata yekha mpaka dzuwa kulowa amatsala yekha pa bawopo.

Ndipereke chitsanzo chimene ndinachigwiritsa ntchito poyeserera. Tinene kuti ndi m'mawa wa mwezi wa Juni, kuli kamvula kowaza ndi chisanu chathu chija cha kuno ku Mzuzu, ndipo mnzathu wa m'kalasi walemba pagulu la WhatsApp kuti: “Anzanga ndichedwa. Tayala la kabaza laphulika pa Katoto, ndanyowa mpaka makope omwe, ndipo mayeso ndi omwewa.” Yankho loyamba kubwera m'mutu mwa ambiri ndi lakuti, “Tayalalo lalephera kupirira, achimwene, chepetsani nsima.” Likhoza kuseketsa anthu angapo, koma lalunjika pa thupi lake, chinthu chimene iye sanachitchule n'komwe, ndipo kuti ayankhe ayenera kuvomereza kuti ndi wonenepa kapena kuyamba kukana pamaso pa anthu makumi angapo. Njira zonse ziwirizo n'zomutsitsa. Yankho lachiwiri lingakhale lakuti, “Inu ndi kuchedwa ndinu mapasa, lero mwangopeza tayala lonamizira.” Ili ndi loipa kuposa loyamba ngakhale likuoneka lofatsa, chifukwa mkati mwa nthabwalayo mwabisika mlandu weniweni, wakuti munthuyu ndi wabodza ndiponso waulesi, ndipo ngati pagulupo pali mtsogoleri wa kalasi kapena mphunzitsi, mlanduwo udzakumbukiridwa kuseka kutaiwalika kale.

Lachitatu ndi ili: “Pepani achimwene. Tayalalo lamva kuti lero kuli mayeso, ndiye laona kuti kuli bwino lidzipereke m'malo mwanu. Malo takusungirani.” Ndakhala ndikuliyang'ana yankho limeneli mbali ndi mbali, ndipo ndikuona kuti likugwira ntchito zitatu m'mizere iwiri yokha. Mawu akuti “pepani achimwene” akusonyeza kuti vuto lake lamveka, choncho zotsatirazo sizingawerengedwe ngati kusasamala. Chosekedwa ndi tayala pamodzi ndi mayeso, ndipo mayesowo tonse tikuwaopa, kotero wolemba ndi wolandira aima mbali imodzi n'kumaseka chinthu chachitatu. Kenako mawu akuti “malo takusungirani” akutsekera ndi thandizo lenileni. Koma chachikulu n'chakuti mnzathuyo watsala ndi mpata waukulu woyankhira. Akhoza kunena kuti, “Ndiye likalembenso mayesowo lokha,” kapena kuti, “Tipange chopereka cha maliro a tayala,” ndipo akatero ndiye kuti nayenso waseketsa anthu, wachoka pokhala munthu wonyowa ndi wochedwa n'kukhala mwini nkhani.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene akatswiri awiri, Peter McGraw ndi Caleb Warren, anafalitsa mu 2010. Iwo anati munthu amaseka pamene chinthu chikuoneka cholakwika kapena choopseza, koma pa nthawi yomweyo n'kumaonekanso kuti sichivulaza aliyense. Chikasowa mbali yolakwikayo, nthabwala imakhala yozizira, ndipo chikasowa mbali yosavulazayo, chimasanduka chipongwe. Chimene ine ndaonjezerapo m'kope langa n'chakuti woweruza ngati chinthu chili chosavulaza ndi amene akusekedwayo, osati wolemba. Kutalika kwa nthawi kumasinthanso chiweruzocho. Nkhani ya tayala imakoma mnzathu akafika n'kulemba mayeso bwinobwino. Ngati wafika mochedwa n'kubwezedwa pakhomo, yankho lachitatu lomwe lija, limene linali labwino pa 7 koloko, likhala lankhanza pa 10 koloko, popanda ngakhale chilembo chimodzi chosinthidwa.

Vuto la zolemba n'lakuti zilibe mawu a pakamwa. Msuweni akamakunyogodola umaona maso ake, umamva mmene wakokera mawu, mwinanso wakugwira paphewa. Pa foni zonsezo kulibe, koma wolemba amazimvabe m'mutu mwake ndipo amaganiza kuti zapita limodzi ndi uthengawo. Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anayesa zimenezi mu kafukufuku amene anatuluka mu 2005: anthu ankatumizirana ziganizo, zina zenizeni, zina zonyogodola, ndipo otumizawo ankakhulupirira kuti anzawo azindikira cholinga chawo nthawi zambiri. Mawuwo akapita mojambulidwa ndi pakamwa, omvera ankazindikiradi bwino, koma akapita molembedwa, owerenga ankangolondola mopitirira theka pang'ono, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kungolota. Ofufuzawo anapezanso kuti otumiza akauzidwa kuti awerenge ziganizo zawo mokweza ndi kamvekedwe kosemphana ndi cholinga chawo, kudzidalira kuja kunkatha.

Apa ndi pamene pachokera njira imene ndaikonda kwambiri, mwina mopitirira muyeso, moti anzanga a ku Chibavi amene timawerengera limodzi atopa nayo. Ndisanatumize yankho loseketsa, ndimaliwerenga mokweza ndi mawu a munthu wolengeza mauthenga a maliro pa wailesi, pang'onopang'ono, mopanda kumwetulira, nditachotsamo tizithunzi tonse ta nkhope zoseka. Yesani nokha kuwerenga motero kuti “Inu ndi kuchedwa ndinu mapasa,” mumva kuti ndi chidzudzulo basi. Kenako werengani kuti “Tayalalo lamva kuti lero kuli mayeso,” ndipo muona kuti likuseketsabe, mwinanso kuposa kale, chifukwa kuseketsa kwake kuli m'ganizo lenilenilo la tayala lamantha, osati m'kamvekedwe. Ine ndikukhulupirira kuti njira imeneyi ingachotse pafupifupi mikangano yonse ya m'magulu a pa foni. Anthu ambiri amakhuthulira tizithunzi toseka pa chiganizo chopweteka poganiza kuti tichepetsa ululu, pamene wolandira amangoona anthu akumuseka kasanu.

Kupyola malire nako ndakumvetsa mwatsopano. Kawirikawiri si chiganizo chimodzi chimene chimapyola, koma kuchulukana. Mnzathu atayankha za maliro a tayala, wachiwiri akhoza kuonjezapo n'kukomabe. Koma wachitatu, wachinayi ndi wachisanu akalowapo, aliyense amafuna kuposa mnzake, ndipo posakhalitsa nkhani imachoka pa tayala n'kufika pa munthu: nsapato zake, kumene amakhala, chifukwa chimene sakwerera takisi. Munthu mmodzi sangabwezere anthu asanu, ndiye kusinthana kuja kwatha ngakhale palibe amene watukwana. Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuziyang'anira. Mayankho a wosekedwayo amafupika, amachoka pa chiganizo chathunthu n'kufika pa “kkk” yekha, kenako pa “chabwino”, kapena amayamba kufotokoza mwatsatanetsatane kuti tayala linaphulikadi ndipo wakabaza akhoza kuchitira umboni. Munthu akayamba kupereka umboni, nthabwala inatha kalekale. Chofunika pamenepo si kumuuza kuti “timangocheza”, chifukwa mawu amenewo amamupatsa mlandu wachiwiri, wosadziwa kucheza. Ndi bwino kutembenuza nkhani n'kufunsa funso lenileni, monga lakuti makope aja auma kapena ajambulitse a wina.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti m'kalasi zonsezi tinazidutsa mothamanga. Aphunzitsi anatilembetsa mitundu inayi ya nthabwala imene Rod Martin ndi anzake anaigawa mu 2003, yomanga ubale, yodzilimbitsa mtima, yolasa ena ndi yodzinyoza, n'kutiuza kuti tiiloweze chifukwa ibwera pa mayeso. Tinailowezadi. Koma kuloweza mayina anayi sikuthandiza munthu amene chala chake chili pa batani lotumizira, ndipo sitinapatsidwe ngakhale uthenga umodzi kuti tiuyankhe m'njira zingapo n'kukambirana kuti ndi iti imene ingapweteke. Ndikumvetsa kuti nthawi ndi yochepa ndipo mitu ndi yambiri, komabe mphindi zimene tinathera pokopera matanthauzo pa bolodi zikanakwanira ntchito imeneyo.

Pali malo amene mfundo yanga ya kubwezerana imandithawa. Mzuzu ndi mzinda wa anthu osakanikirana, ndipo m'gulu limodzi mumapezeka olankhula Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa. Ndimaona anzanga awiri, wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Dedza, akusekana za kondowole ndi mbatatesi, aliyense akubwezera mokwanira, onse akusangalala. Malinga ndi muyeso wanga palibe cholakwika pamenepo. Koma m'gulumo muli anthu ena amene sali mbali ya ubwenzi wa awiriwo, ndipo wina wa ku Chintheche amene wangolowa kumene akhoza kuwerenga mawu omwewo ngati kunyozedwa kwa kwawo, pamene iye alibe chilolezo choyankhira. Chimodzimodzi ndi akuluakulu: malume akandilembera moseka za kusakwatira kwanga, ine ndikhoza kuyankha modziseka ndekha kuti ng'ombe za lobola zikadali kusukulu ya mkaka, koma sindingawabwezere pa zawo, ndipo nthabwala yawoyo sindiimva kuwawa ayi. Ndiye mwina kubwezerana si chinthu chokhacho chimene chimateteza, mwina pali zaka za chisamaliro zimene zimalipiriratu nthabwala isanalembedwe. Sindinapezebe mmene ndingaikire zimenezo m'muyeso wanga, ndiponso sindikudziwa ngati awiri aja a kondowole ayenera kusamukira ku mauthenga a awiri okha, kapena ngati kutero kungaphe chinthu chimene chimachititsa gulu lathu kukhala lokoma kuliwerenga.