Mawati 300 pa masitepe, koma ketulo amafuna 2,000

Mtima wakhala pansi tsopano, nkhani ya mawati yandilowa. Fomula ya P = mgh/t, yopezera mawati a munthu amene akukwera m'mwamba, tonse timaidziwa, ndipo sindichedwa nayo. Chimene chinkandisowa n'chakuti nambala yotuluka pamenepo ndi yamtundu umodzi ndi ija yolembedwa pansi pa ketulo kapena pa bokosi la babu. Mwendo wa munthu ndi chipangizo cha magetsi zimayezedwa ndi muyezo umodzi, majulo angati pa sekondi iliyonse. Basi.

Achimwene amakhala pa nyumba yosanja ku Avenues mumzinda wa Harare, ndiye ndinatenga lula n'kuyeza sitepe imodzi, kenako n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha masitepe. Kuchoka pansi kufika pakhomo pawo panakwana mamita pafupifupi 10. Apa muyeze msinkhu wolunjika m'mwamba, osati kutalika kwa njira yopendekeka, chifukwa mukatenga yopendekekayo yankho limafufuma, mumapezeka ngati ndinu amphamvu kuposa mmene mulili. Ine ndimalemera makilogalamu 60. Tikatenga g, kukoka kwa dziko kuja, ngati 10, ntchito yonse ndi 60 × 10 × 10, majulo 6,000. Ndinakwera mothamanga, wotchi ya pafoni inati masekondi 20. Mawati 300.

Ndinafika pamwamba wefuwefu, ntchafu zikunjenjemera, achimwene akufunsa ngati pali amene akundithamangitsa. Ndiye taganizani, ketulo wathu ku Mufakose walembedwa 2,000 W. Pafunika anthu asanu ndi awiri ngati ine, onse akuthamanga pa masitepe nthawi imodzi osapuma, kuti afanane naye.

Mawu oti "osapuma" ndi amene ananditsekula maso. Mawati 300 aja ndinawakwanitsa kwa masekondi ochepa chabe. Munthu wamba akamapalasa njinga kwa nthawi yaitali amatulutsa mawati a m'ma 75 mpaka 100. Akatswiri a mpikisano wa njinga ndi amene amafika cha m'ma 400 kwa ola lathunthu. Ndiye mukamafananitsa munthu ndi chipangizo, funsani kaye kuti kwa nthawi yaitali bwanji, apo ayi mukudzinamiza.

Ndinayesa ndi tiyi. Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 20 kufika pa 100 pamafunika 4,200 × 80, majulo 336,000. Ketulo amamaliza zimenezi mphindi zitatu zisanakwane. Wa njinga wa mawati 100 apalasa mphindi 56, ndipo apo tikunena kuti dayinamo ndi mawaya sizikutaya kanthu, zimene sizichitika. Pa masitepe, mita iliyonse imandidyera majulo 600, choncho ndiyenera kukwera mamita 560. Nyumba ya Reserve Bank ija ya mu Samora Machel ndi yaitali mamita 120. Kuikwera pafupifupi kasanu, chifukwa cha lita imodzi ya madzi otentha! Ndinabwereza masamuwo, anatuluka chimodzimodzi.

Koma munthu si wofooka pa zonse ayi. Babu la LED la mawati 9 ndi laling'ono kwambiri, wa njinga yemweyo angayatse khumi, ndipo kutchaja foni sikungamuvute. Zimene zimatigonjetsa ndi zotenthetsa, ketulo, simbi, mbaula ya magetsi ndi giza. N'chifukwa chake magetsi akazima, kasola kakang'ono kamayatsa mababu bwinobwino koma ketulo kamamukana. Yuniti imodzi ija timagula, 1 kWh, ndi maola 10 a kupalasa pa mawati 100. Agogo, amene anapalasa njinga zaka zambiri kupita kuntchito, nditawauza anangoti, "Ndiye uzizimitsa simbi ukamaliza."

Kwa ine palibe njira yoposa lula, wotchi ndi masitepe. Ndikuona ngati mutu wonsewu ungaphunzitsidwe pa masitepe popanda bolodi. N'chifukwa chake zimandiwawa kuti m'kalasi tinangopatsidwa fomula, chitsanzo cha makina onyamula katundu amene sitinawagwirepo, kenako aphunzitsi n'kuti tithamange, silabasi yatsalira. Masitepe ali panja pomwepo, mphindi khumi zikanakwana. Ndikudziwa kuti nthawi imawachepera, koma ife timaloweza manambala opanda thukuta, mayeso akatha n'kuiwala.

Patsala pamene sipanakhazikike. Minofu imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu ya chakudya kukhala ntchito, yotsalayo imatuluka ngati kutentha. Ndiye pamene ndinkatulutsa 300, thupi linkawotcha kupitirira 1,000, n'chifukwa chake thukuta. Apa ndamva. Koma potsika masitepe omwewo, fomula ikuti majulo 6,000 aja achoka mwa ine, pamene miyendo imatopabe chifukwa ikugwira mabuleki. Kodi pamenepo ndinene kuti ndatulutsa mawati angati? Ndikalemba nambala ya mayinasi pepala likuvomera, koma mutu wanga sunakhutire.