Matumba 12 a mayi a ku Mkanda

Tulo sitikubwera. Magetsi angoyaka kumene, ndiye ndati ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Nkhani yake ndi ya pulopozo ija yopempha ndalama za pulojekiti ya mtedza, yofunika kutumizidwa Lachisanu kwa adona, mabwana opereka ndalamazo. Zina zonse zatha, bajeti yatha, kwatsala tebulo la kalondolondo, lija losonyeza kuti tidzayeza chiyani, tikuyambira pati, ndipo manambalawo tidzawatenga kuti. Masana bwana anandiitana muofesi mwawo, pepala langa lili m'manja, bokosi la besilaini, lija la nambala imene tikuyambirapo, atalizunguliza ndi cholembera chofiira.

"Achemwali, apa mwasiya popanda nambala bwanji? Adona akaona ngati sitikudziwa dera lathu lomwe."

Ndinawayankha kuti si kuiwala ayi, ndalembapo kuti tidzayeza pa kukolola koyamba, ndipo ndalama zoyezera ndaziika kale m'bajeti. Iwo akuti tingotenga nambala ya boma lonse la Mchinji kuchokera ku kafukufuku wa zokolola wa unduna wa zamalimidwe, uja wa APES, kenako tilonjeze kuti zokolola zikwera ndi 50 peresenti. Kafukufukuyo ndilibe naye vuto, ntchito yake amaigwira. Koma nambala ya boma lonse imaphatikiza alimi a minda ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, a mbewu yamakono ndi obzala yobwereza. Ife tikupita kwa alimi 1,200 a mbali ya Mkanda, ndipo tawasankha dala chifukwa ndi amene amakolola zochepa. Tikayambira pa nambala ya boma lonse, alimi athu akhoza kulimbika zaka zitatu, zokolola n'kukwera ndithu, koma lipoti lathu n'kuonetsa kuti abwerera m'mbuyo. Ndani adzawafotokozere adona zimenezo?

Apa bwana anati, "Chabwino, nanga si munapita kumudzi kuja? Alimi anakuuzani matumba amene amakolola. Chulukitsani ndi 50, basi."

Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo.

Mwezi watha, kapena ndi wa dzana uja, masiku akundisokonekera, tinakhala pakhonde la mayi ena ine ndi alangizi a m'deralo. Mayiwo anati pa ekala imodzi anakolola matumba 12 a mtedza wa mtundu wa CG7. Munthu wokhala pa kompyuta awerengera 12 kuchulukitsa ndi 50, apeza makilogalamu 600 pa ekala, ndiye poti hekitala ili ndi maekala 2.47, alemba makilogalamu 1,482 pa hekitala. Koma 50 ameneyo ndi wa chimanga. Mtedza wa mayiwo unali wosaswa, wamakoko, ndipo makoko amadzaza thumba popanda kulemera. Alangizi anali ndi kasikelo kopachika, tinakoloweka thumba limodzi pa mtanda wa khonde, linakwana makilogalamu 22 okha. Matumba onse 12 ndiye kuti 264. Tinaswa pang'ono n'kuyezanso, tinapeza kuti pa magawo atatu aliwonse, awiri ndi mtedza, limodzi ndi makoko. Kwatsala 176. Pa hekitala ndi 435.

Sizinathere pomwepo. Alangizi anazungulira mundawo ndi foni ya GPS, ekala ija inapezeka kuti ndi 0.7. Mayiwo sananame, ndi mmene anthu amautchulira mundawo chiyambire nthawi ya makolo awo. Ukawerengeranso ndi kukula kwenikweniko, zikufika pa makilogalamu 621 pa hekitala. Munda umodzi, chaka chimodzi, manambala atatu: 1,482, 435 ndi 621. Ndipo sitinawerengere wauwisi umene ana anaphika, ndi ndowa zimene analipira nazo aganyu pozula.

Ndinawalembera bwana manambala atatuwa kumbuyo kwa pepala lomwelo. Anawayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Ine mtima unali phaphapha, chifukwa ndi munthu wamkulu, ndiye anandiphunzitsa ntchitoyi, ndipo sindikonda kuoneka ngati ndikuwatsutsa. Ndimadziwanso chimene chikuwadetsa nkhawa. Pulopozoyi ikapanda kudutsa, pali anzathu amene kontilakiti yawo siwonjezeredwa. Bokosi lopanda nambala kwa iwo likuoneka ngati chibowo pa denga.

Chimene ndinawapempha n'chakuti mawu a indiketa, chinthu chimene tidzayeze chija, asasiye mpata woti wina amve mwina, wina mwina. Tisangolemba kuti "zokolola za mtedza", tilembe kuti makilogalamu a mtedza woswa, wouma, pa hekitala yoyezedwa ndi GPS. Kayezedwe kakenso kalembedwe pomwepo: pa alimi osankhidwa mwamaere kuchokera m'kaundula wa makalabu, tidula kamalo ka mamita 5 mulitali ndi 5 mulifupi m'munda, tizula, tiumitsa, tiswa, tiyeza, n'kuchulukitsa ndi 400 kuti zikwane hekitala. Mwamaere ndithu, osati kuuza amfumu kapena mlimi wachitsanzo kuti atisankhire, chifukwa aliyense amakutengera ku munda wokongola. Ndipo chaka chomaliza tidzayeze chimodzimodzi, pa nyengo yomweyo ya kukolola, Epulo kapena Meyi. Besilaini ya pakamwa ndi mapeto a pasikelo siziyerekezeka.

Anandifunsa kuti nanga mvula ikavuta? Funso limeneli ndinalikonda, chifukwa ndi loona. Tonse tikukumbukira nyengo ya 2023/24 ya El Niño, pamene mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Besilaini ikagwera pa chaka chotero, chaka chotsatira mvula yokha ikweza manambala, ife n'kudziombera m'manja pachabe. Ikagwera pa chaka chabwino, chilala chidzatipachika mlandu umene si wathu. Apa ndi pamene manambala a unduna aja akugwira ntchito yeniyeni: tiwaike pambali pa athu chaka ndi chaka, kuti tione ngati alimi athu akwera kuposa mmene dera lonse lakwerera. N'chifukwa chakenso ndaika indiketa ina yosadalira kwambiri mvula, yoti mwa alimi 100 aliwonse, ndi angati abzala mizere iwiri pa mzere umodzi wounga, zoonedwa ndi maso m'munda mu Januwale. Osati kufunsa pamsonkhano, chifukwa pamsonkhano manja onse amakwera.

Ija ya "alimi ophunzitsidwa" ndaisiya momwemo, adona amaifuna. Koma ndawonjezerapo kuti munthu awerengedwe kamodzi, malinga ndi kaundula, osati kuphatikiza mapepala osainira. Pa pulojekiti ina imene ndinagwirako, mayi mmodzi wobwera ku maphunziro anayi ankasanduka anthu anayi, mpaka ophunzitsidwa anaposa mamembala onse a makalabu. Ndinali ine wokaima pamaso pa alendo tsiku limenelo. Manyazi ake ndimawamvabe mpaka lero.

Sitinamalize. Foni yawo inalira, anati tikambirananso mawa mmawa. Potuluka anangonena kuti, "Koma 50 peresenti ija isachoke, achemwali." Ndiye ndakhala ndikudzifunsa m'njira yonse, pa kabaza, mpaka pamene ndimaphika: 50 peresenti ya chiyani? Ya 435 ndi makilogalamu 218 owonjezera, ya 1,482 ndi 741. Mwina mawa ndiwapemphe kuti tilembe kuti chandamale chidzatsimikizidwa besilaini ikatuluka, pamodzi ndi adonawo. Mwina avomera. Kasikelo kaja kanali ka alangizi, m'bajeti sindinaikemo masikelo athu, ndi matumba oumitsiramo zitsanzo, ndiyenera kudzuka msanga ndikaone ngati mzere wa zipangizo ungalole.