Sabata ya chionetsero cha malonda ku Joni

Malo amene makampani ang'onoang'ono timachita lendi pa zionetsero za kuno, kaya ku Nasrec, ku Sandton kapena ku Gallagher ku Midrand, nthawi zambiri amakhala mamita 3 mulitali, 3 mulifupi. Umapezamo makoma oyera, chikwangwani cha dzina la kampani pamwamba, mababu ndi soketi imodzi. Makomawo salola kukhoma misomali, ndiye Lolemba tinalongedza tepi yomata mbali zonse, ekisitenshoni ya mano atatu obulungira aja a kuno, ndi timapaketi ta magalamu 250 ta mpunga wa Kilombero. Lachiwiri tinakonza malowo. Tebulo tinaliika cham'mbali, chifukwa likatchinga khomo anthu amangosuzumira n'kumapita.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu ndi Lachinayi, ndipo inali kuseri kwa makadi amene alendo amasiya. Khadi lopanda mawu kuseri ndi lotayika: pofika madzulo nkhope zasakanikirana, sukumbukanso kuti wa lesitilanti anali uti. Choncho munthu akangotembenuka timalemba pomwepo chimene akufuna, kuchuluka kwake, tsiku limene akuchifuna, komanso ngati ndi iye wovomereza ndalama kapena watumidwa. Pakona timaika chilembo. A ndi amene watchula kuchuluka ndi tsiku, B ali ndi chidwi koma sanatsimikize, C wangotsata kapaketi kaulere. A C amachuluka, ndipo ena amacheza bwino kwabasi, koma sagula.

Nambala ya foni timaiyesa mwiniwake ali pomwepo pomutumizira moni pa WhatsApp, chifukwa m'phokoso lija 7 wolembedwa mothamanga amaoneka ngati 1. Timamupemphanso kuti achonge pafomu kuti walola kulandira mauthenga a malonda. Lamulo la kuno loteteza zinsinsi za anthu, la POPIA, limafuna chilolezo chotere kwa munthu amene sanagulepo kwa iwe.

Lachisanu m'mawa tinaimbira a A onse tisanamasule n'komwe katundu. Mayi wina wa lesitilanti ku Turffontein, khadi lake linati: matumba 8 a makilogalamu 25 mwezi uliwonse, kuyambira kumapeto kwa mwezi uno, ndalama amavomereza okha. Sitinayambe ndi kufotokoza za kampani. Tinangoti, "Mayi, ndife a mpunga uja munanunkhiza Lachitatu, za matumba 8 aja." Anakumbukira nthawi yomweyo. Koteshoni inapita masana, mtengo wa thumba pamzere wake, thiransipoti pawokha. Ukaphatikiza zonse pamodzi, wogula amayerekeza ndi mtengo wa wina wosawerengera thiransipoti, iwe n'kuoneka wodula.

A B tinawatumizira uthenga Lolemba lotsatira, aliyense wakewake, wotchula chimene anafunsa. Uthenga umodzi wa onse sayankha. Amene sanayankhe tinawaimbira Lachitatu, sabata isanathe, ndipo kwa aliyense tinalemba m'kaundula tsiku loti tidzamuimbirenso.