Chigamulo cha difoti: ndimayankha funso limodzi pomwe mafunso ndi awiri

Mtima wakhala pansi tsopano. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi nkhani yochotsa chigamulo cha difoti, chija khoti limapereka munthu akapanda kuyankha samani, ndipo usiku wa dzulo, magetsi atathima, ndikuwerenga ndi tochi ya foni, mpamene ndinaona pomwe ndimasokonekera. Nthawi yonseyi ndimayesa kuti ukamvetsa khoti chisoni basi wapambana. Ayi ndithu. Oda 12 ndime 21 ya malamulo a milandu ya sivo a Khoti Lalikulu a 2017 imafunsa zinthu ziwiri zosiyana: unakhaliranji chete samani itabwera, ndipo ukanayankha ukananena chiyani? Yankho la funso loyamba silithandiza lachiwiri.

Chinanditsegula maso ndi funso lomwe tinapatsana pagulu lathu la ophunzira malamulo. Wamalonda wina anatenga simenti ya K4,800,000 pangongole. Samani inamupeza pa 3 Malichi, masiku 14 anatha osayankha, ndipo pa 2 Epulo wodandaula anatenga chigamulo. Iye akuti nthawi imeneyo anali kumudzi kudwazika mayi ake. Anadziwa za chigamulocho pa 10 Juni masherifi atafika pashopu, koma pempho lake linalowa kukhoti pa 25 Ogasiti.

Ine poyamba ndinalemba masamba awiri a matenda a mayiwo. Mnzanga wina anangowerenga n'kufunsa kuti, "Nanga kuyambira Juni mpaka Ogasiti amadwala ndani?" Ndinasowa chonena. Kuchedwa kulipo kuwiri. Koyamba n'kosayankha samani, ndipo matendawo akukufotokoza bwino, bola pakhale zikalata zakuchipatala zosonyeza masiku. Kwachiwiri n'kwa chigamulo chitatuluka kale. Lamulo limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe chigamulo chinalembedwa, osati tsiku lomwe iwe wamva, ndiye mkuluyu nthawi yake inatha pa 2 Julayi. Masherifi atabwera anali adakali ndi masiku 22 m'manja. Anawasiya. Pamenepa ayenera kufotokoza kuchedwako pakokha, ndipo khoti silichotsa chigamulocho pokhapokha litakhutira kuti chilungamo chikufuna zimenezo. Masiku 76 onsewo, kuyambira 10 Juni mpaka 25 Ogasiti, afunika mwini wake: anafuna loya liti, ndalama yolipira anaipeza liti, kodi amakambirana ndi wodandaulayo, kalata zake zili kuti.

N'chifukwa chake ndikunenetsa kuti jambulani mzere wa madeti musanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Pepala, rula, deti lililonse pamalo pake, mipata n'kuizunguliza ndi bolopeni yofiira. Ine ndikuona ngati njira imeneyi ikhoza kukhozetsa munthu pepala lonse la sivo. Anzanga akuti ndikukokomeza. Mwina.

Mbali ya difensi, funso lachiwiri lija, ndiye ndimaipeputsa kwambiri. Ndinkalemba kuti "wodandaulidwa akukana ngongole yonse ndipo ali ndi difensi yabwino." Amenewo ndi mawu chabe. M'chikalata cholumbira woweruza afuna aone zenizeni: kuti pa 14 Januwale anaika K2,000,000 ku akaunti ya wogulitsayo, silipi yakubanki nayi, kuti matumba 40 anafika atauma gwa ndipo anabwezedwa, pepala losainira nali. Sakuyenera kutsimikiza mlandu wonse panopa, koma zomwe wanenazo zikhale zoti zikadzaoneka zoona pozenga mlandu, zisinthe chigamulo. Ndipo chomwe sindimachiona: difensi ikhoza kukhala ya kuchuluka kwa ndalama kokha. Mkuluyu sakukana kuti simenti anatenga. Akukana K4,800,000. Lamulo limalola zimenezo.

Apa mpomwe ndimakwiya ndi aphunzitsi athu. Anatha ola lathunthu pa mlandu wa Evans v Bartlam wa 1937, kuti khoti lili ndi mphamvu yobweza chigamulo chomwe chinapezeka chifukwa choti wina sanatsate ndondomeko, osati chifukwa mlandu unamvedwa. Anadutsanso pa Saudi Eagle wa 1986, pomwe akuti difensi isangokhala yokambika, ikhale ndi mwayi weniweni wopambana. Zabwino zonsezo. Koma lamulo lathu lomwe tikagwiritse ntchito analipatsa mphindi zisanu belu litatsala pang'ono kulira, n'kuti "zinazo mukawerenge." Tiwerenge nthawi yanji, ena timaweruka kuntchito dzuwa litalowa?

Chomwe chikundizunguzabe n'chakuti milandu yakaleyo imalemekeza difensi kuposa chifukwa chochedwera, pomwe ndime 21 yaika "ndi" pakati pa ziwirizo, osati "kapena". Ndiye mkulu wa simentiyu, silipi yake ya K2,000,000 ili m'manja koma masiku 76 alibe nawo chonena chomveka kupatula kuti amasaka ndalama ya loya, ndimupambanitse? Poyankha ndalemba kuti inde, koma alipire ndalama zomwe mnzakeyo waononga. Ndafufuta kawiri. Ndalembanso.