Mphindi 40 zimene ndinkazidumpha

Pa maphunziro a zolembalemba amene ndikuchita tinapatsidwa ntchito yolemba masamba atatu onena za tsiku limene linasintha moyo wathu. Ine ndinasankha usiku umene amayi anamwalira m'chipatala, ine ndikuwadwazika. Ndinkayesa kuti ndimaliza tsiku lomwelo, poti ndinalipo ndipo zonse ndinaziona ndi maso anga. Patatha milungu itatu ndinali ndi mapepala 7 oyamba bwinobwino, koma lofika kumapeto panalibe.

Sikuti mawu ankandisowa. Ndinkalemba ndithu za khonde lalitali la m'chipatala, fungo la mankhwala, nyali ina imene inkathimathima. Koma ndikafika penapake ndinkangozindikira ndaimirira kale, ndikutsuka kapu yoyera, kapena foni ili m'manja osakumbuka kuti ndaitenga liti. Ndinkadzitcha waulesi, ndipo mankhwala amene ndinkadzipatsa anali a ulesi: kudzuka m'mamawa, kuzimitsa foni, kudzikakamiza kukhala pampando. Sizinathandize, chifukwa matenda sanali amenewo.

Nditawafotokozera aphunzitsi athu, anati: "Musayambenso pepala lina. Yalani onsewo patebulo, ndipo pa lililonse mujambule mzere pamene munalekezera." Nditatero ndinachita kakasi. Mapepala anayi anathera malo amodzimodzi, pamene amayi anandipempha madzi akumwa. Atatu enawo anapitirira, koma modumpha: amayi akumwa madzi, kenako ndime yotsatira ikuyamba ndi "Kutacha". Ndinaonanso kuti mzerewo ukamayandikira, ine ndinkasowa m'nkhanimo. M'malo mwa "ndinatopa" ndinkalemba kuti "munthu akamadwazika amatopa". M'malo monena amene anachita chinthu, ndinkati "anamwino anaitanidwa", "zinthu zinachitika mofulumira". Ichi ndi chizindikiro chimene tsopano ndimachifufuza pa chilichonse chimene ndalemba. Ulesi umakugwira paliponse, ngakhale pa mutu wa nkhani. Kuzemba kumakugwira malo amodzi, ndipo ziganizo zimayamba kubisa wochita.

Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wa Daniel Wegner, katswiri wa za maganizo a anthu, ndi anzake wa mu 1987. Anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikangowabwerera m'mutu. Belu linkalira. Ataloledwa kuchiganizira, chinawadzadza m'mutu kuposa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Wegner anadzafotokoza kuti maganizo akafuna kupewa chinthu, amayenera kumachiyang'anira kuti chisalowe. Izi zinandimasulira zimene zinali patebulo langa. Pamene ndinkadumpha sipanali pamene ndaiwala. Panali pamene ndinkapadziwa kwambiri, moti dzanja linkakhota lisanafikepo.

Njira yolowera ndinaibwereka kwa James Pennebaker, katswiri winanso wa za maganizo a anthu. Mu 1986 iye ndi Sandra Beall anapempha ophunzira a payunivesite kuti alembe kwa mphindi 15, masiku anayi otsatizana. Ena analemba nkhani wamba, ena zowawa zimene zinawachitikira. Amene analemba zochitikazo pamodzi ndi mmene zinawakhudzira ankatuluka m'chipindamo mitima italemera, koma m'miyezi yotsatira sanapite kuchipatala kawirikawiri ngati a nkhani wamba aja. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti phindu lake pa thanzi ndi lochepa ndipo si aliyense amalipeza. Ine sindinkafuna kuchira nazo. Ndinatengapo zinthu ziwiri: nthawi ikhale ndi malire, ndipo pepalalo lisakhale ndi wowerenga. Chachiwirichi ndi chachikulu, chifukwa milungu yonse ija ndinkalemba ngati aphunzitsi ndi abale anga aima kumbuyo kwanga.

Tsiku loyamba ndinatchera alamu ya mphindi 15 n'kudziletsa kulemba ziganizo. Ndinangotchula zinthu zimene zinali m'chipindamo madzi aja atamwedwa: kapu yapulasitiki yobiriwira, supuni, bulangete lopindidwa kumiyendo, nsapato zanga pansi pa bedi. Zinthu sizikuimba mlandu, n'chifukwa chake dzanja limalola kuzilemba. Chakumapeto ndinalemba "benchi ya panja", ndipo ndinamva m'mimba kuzizira. Benchi ija sinali m'chipindamo, komanso sinatchulidwe m'mapepala 7 onse aja.

Tsiku lachiwiri ndinalemba ngati zinachitikira wina. Akatswiri ena, monga Ethan Kross ndi Ozlem Ayduk, anaonetsa kuti munthu akaona chowawa chake ngati akuonera patali, mtima suwawa mofanana ndi pamene wabwereramo yekha. Choncho ndinati "iye". Iye anawamwetsa madzi ndi supuni. Iwo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Khala pompano, mwanawe." Iye anayankha kuti, "Ndikubwera, amayi." Anavala nsapato natuluka. Alamu inalira ndili pamenepo, ndipo ndinaleka, ngakhale dzanja linkafuna kupitiriza.

Tsiku lachitatu ndinalakwitsa. Ndinayamba usiku kwambiri, ndipo alamu italira ndinaizimitsa n'kupitiriza kwa ola lathunthu. Kunja kunacha ndili maso. M'mawa nditawerenga, ndinapeza kuti chatsopano chinali m'ndime yoyamba yokha: iye anakhala pabenchi mphindi 40, osaitanidwa ndi munthu, osapita kukagula kanthu, kungofuna kukhala pamalo popanda kubuula, ndipo pobwerera anapeza anamwino atatchinga bedi ndi nsalu. Masamba ena onse anali chiganizo chimodzi chongosintha malaya: ndikanakhala, ndikanadziwa, ndikanapirira pang'ono. Pamenepa ndinaphunzira kusiyanitsa kulemba ndi kuzungulira. Ukamalemba, ndime iliyonse imabweretsa chinthu chimene sichinalipo, kaya ndi mawu a munthu, kaya ndi chochitika. Ukamazungulira, "-kana-" amachuluka ndipo palibe chimene chikusuntha. Pennebaker mwiniwake amalangiza kuti ukaona kuti zikukupitirira mphamvu, uleke kapena usinthe nkhani, ndiponso kuti chilonda chikakhala chachiwisi si bwino kuchithamangira. Kwa ine panali patapita zaka zinayi. Ndinapumula masiku awiri, ndipo ndinadziuza kuti tulo tikapitiriza kusowa ndikaonana ndi mlangizi, osati kuwonjezera masamba. Tulo tinabwerera.

Ulendo wachinayi ndinalemba masana, nditakonzeratu kuti alamu ikalira ndipita kukayenda ndi mnzanga. Ntchito inali yaing'ono: kutenga ndime ziwiri zija n'kusintha "iye" kukhala "ine". "Anavala nsapato" anasanduka "ndinavala nsapato". Zilembo ndi zochepa, koma chiganizo cha pabenchi chinanditengera pafupifupi nthawi yonse. Ndinachilemba chachifupi, chopanda "chifukwa". Nthawi iliyonse imene ndinawonjezera chifukwa, chiganizocho chinkasanduka chodziteteza kapena chodziweruza, ndipo zonse ziwiri zinkandichotsa pabenchi paja.

Zimene ndinalemba m'maulendo anayiwa sindinazipereke mmene zinalili. Ndinaziika m'kabati sabata imodzi, kenako ndinaziwerenga ngati wolemba. Khonde, fungo ndi nyali, zimene ndinazikometsera kwa milungu itatu, ndinazichotsa, kupatula mzere umodzi. Ndinasankhanso zoti zikhale zanga ndekha: pali mawu ena amene amayi ananena madzulo a tsikulo amene ndinawalemba koma sindinawapereke. Kusiya chinthu utachilemba n'kuchiona n'kosiyana ndi kuchidumpha, ndipo papepala zimaoneka, pakuti ziganizo zoyandikana nacho sizibisanso wochita.

Nkhani imene ndinapereka inakwana masamba awiri ndi theka. Imayamba ndi supuni ya madzi, ndipo tsamba lonse lapakati ndili pabenchi. Aphunzitsi anaibweza atajambula mzere pansi pa ndime yomaliza, pamene ndinalemba kuti "achibale anadziwitsidwa". Pambali analemba funso: "Anawaimbira ndani?" Ndinawaimbira ndine, ndili pabenchi yomweyo kachiwiri. Mawa masana nditchera alamu chifukwa cha ndime imeneyo.