Tsiku lomwe ndinapopetsa Msungichuma mjigo wopanda madzi

Ine ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu, udindo womwe ndinaupeza chifukwa choti foni yanga ndi yotambasula. Titapita ku maphunziro a kasamalidwe ka mjigo wa Afridev, mphunzitsi anajambula pa chipepala chachikulu mabokosi, mivi ndi timadayamondi tonga ta pa makhadi. Bokosi linali ntchito yoti uchite. Dayamondi linali funso, ndipo lililonse linali ndi mivi iwiri yotuluka, wa Inde ndi wa Ayi. Ndinajambula chipepalacho, mtima m'malo.

Amayi wapampando anati: "Alembi, enafe mafoni athu ndi a mabatani, chithunzi sichioneka. Tilembereni m'mawu, ndi manambala."

Ndinakhala pansi usiku, ndikukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, chifukwa chipewa cha munthu wina chinali chitaphimba ngodya. Bokosi lililonse ndinalipatsa nambala, dayamondi lililonse ndinalisandutsa "ngati" ziwiri. Zinatuluka chonchi:

1. Popani mjigo.
2. Ngati madzi atuluka, pitani pa 3. Ngati sanatuluke, pitani pa 8.
3. Dikirani mphindi 30, kenako popaninso mukuwerenga.
4. Ngati mwapopa kopitirira ka 5 madzi asanatuluke, futuvavu yoletsa madzi kubwerera pansi ikudontha: sinthani mphira zake, pitani pa 7. Ngati ayi, pitani pa 5.
5. Popani ka 40 pa mphindi imodzi, madzi azigwera mu ndowa.
6. Ngati akwana malita 15, mwamaliza. Ngati sanakwane, sinthani mphira ya pulanja yokweza madzi, pitani pa 7.
7. Bwererani pa 1.
8. Itanani mekaniki wa m'dera.

Zinali bwinobwino. Chinandiwononga ndi nzeru za m'mawa. Ndikumwa tiyi ndinaganiza kuti munthu sangayese mjigo zigubu zili mbwee, ndiye pamwamba ndinawonjezera mzere watsopano: "1. Pemphani amayi achotse zigubu." Manambala a kumanzere ndinawasuntha onse mwaulemu, 1 kukhala 2, mpaka 8 kukhala 9. Koma manambala a m'kati mwa ziganizo, aja a "pitani pa", sindinawakhudze n'komwe. Ndinatumiza, n'kukopera papepala, n'kukamata pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo.

Patatha masabata awiri mjigo unaleka kutulutsa madzi ine ndili kumsika. Amene analipo ndi Abambo Msungichuma, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu woti cholembedwa sachidumpha ngakhale kadontho.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinapeza amayi atanyamula zigubu m'manja, nkhope zili ndwii, Abambo Msungichuma malaya atanyowa ngati agwa mumtsinje.

"Alembi, mwafika bwino. Ndili pa ulendo wa 11."

Anandionetsa ndi chala. Pa 1 amayi achotsa zigubu. Pa 2 apopa. Pa 3 madzi sanatuluke, pepala likuti pitani pa 8. Ndipo 8 watsopano, yemwe kale anali 7, akuti bwererani pa 1. Amayi, poona kuti bambo aima kuwerenga, amabwezera zigubu pamzere kuopa kulandidwa malo, ndiye pa 1 bambo amawapemphanso mwaulemu kuti achotse. Mekaniki anali phee pa 9, popanda muvi ngakhale umodzi womulozera.

"Koma bambo, simunaone kuti chogwirira chikupepuka?"

"Ndinaona, mwanawe. Koma za kupepuka sizinalembedwe."

Mekaniki atabwera madzulo anapeza kuti marodi, zitsulo zolumikiza chogwirira ndi pulanja, anali atalekana pansi. Bambo aja amapopa mphepo.

Kumsonkhano Amayi wapampando anandiimiritsa kutsogolo, chithunzi kudzanja lina, pepala kudzanja lina. Anati ndiyende ndi chala njira iliyonse mokweza mawu. Madayamondi atatu, "ngati" zikhale 6, tinawerenga zinakwana. Kenako Inde mpaka kumapeto, Ayi mpaka kumapeto, ndipo njira iliyonse ikathere pa "mwamaliza" kapena pa mekaniki. Apa m'pamene tinaona kuti ngakhale madzi akanatuluka, mzere wa 3 umati pitani pa 3, ndiye bambo akanangoima pomwepo mpaka Yesu kubwera. Tinapezanso kuti 7 wanga wakale analibe potulukira munthu akasintha mphira koma vuto osatha, choncho tinalemba kuti ukabwerera kawiri zisanatheke, itana mekaniki. Pepala latsopano ndinalemba ziganizo kaye, manambala n'kuika pomaliza, ndipo pa "pitani pa" aliyense ndinawonjezera dzina la ntchitoyo: pitani pa 9, kuitana mekaniki.

Chindapusa changa chinali botolo la Fanta ndi mafuta opaka paphewa la Abambo Msungichuma. Risiti anandilembera okha.